Kodi ndalama za boma zimaswanadi kasanu?

Boma likalipira mmisiri K100,000 pa ntchito yomanga chipinda chophunziriramo, ndalamazo sizigona m'thumba mwake. Madzulo omwewo amagula ufa ndi usipa, mawa lake amalipira lendi, zina amapatsa telala kuti asokere ana yunifolomu. Wogulitsa usipa naye amalipira wa kabaza, telala amagula tomato, mwini nyumba amaitana munthu wodzakonza denga. Zimene uyu watulutsa zasanduka malipiro a uyo, ndipo zikuyendabe. Pofika kumapeto kwa mwezi, K100,000 ija yadyetsa makomo ambiri kuposa khomo la mmisiri lokha.

Akatswiri a zachuma ali ndi nambala yoyezera kuyenda kumeneku, ndipo amaitcha chochulukitsa. Nambalayi imayankha funso limodzi: pa kwacha iliyonse imene boma lawonjezera pa zogula ndi zolipira zake, katundu ndi ntchito zopangidwa m'dziko zawonjezeka ndi makwacha angati? Ikakhala 2, ndiye kuti kwacha imodzi yabweretsa ziwiri. Ikakhala 0.5, ndiye kuti boma latulutsa kwacha yathunthu koma zopangidwa m'dziko zangokula ndi 50 tambala.

Amene anayamba kuwerengera zimenezi mwadongosolo ndi Richard Kahn, mnyamata wa pa yunivesite ya Cambridge ku Mangalande, m'chaka cha 1931. Nthawi imeneyo anthu oposa 2 miliyoni m'dzikolo anali pa ulova, ndipo akuluakulu a ku unduna wa zachuma ankakana zoti boma liyambitse ntchito zomangamanga. Iwo ankati ndalama zimene boma lingabwereke n'zomwe makampani akanabwereka, choncho palibe chowonjezeka. Kahn anasonyeza kuti munthu mmodzi wolembedwa ntchito pamsewu amachititsa kuti enanso alembedwe m'masitolo ndi m'mafakitale momwe iye amagulamo. Mphunzitsi wake, John Maynard Keynes, anaika ganizoli pakati penipeni pa buku lake la mu 1936, ndipo kuyambira pamenepo lakhala likuphunzitsidwa kwa aliyense woyamba maphunziro a zachuma.

Masamu a m'buku la oyamba ndi okoma. Tinene kuti munthu aliyense akalandira K100 yowonjezera amagulira zinthu K80 n'kusunga K20. Boma latulutsa K100 miliyoni. Olandira agulira zinthu K80 miliyoni. Amene agulitsa zinthuzo nawo atulutsa K64 miliyoni, otsatira K51 miliyoni ndi pang'ono, mpaka ndalamazo zitatheratu. Mukaphatikiza zonse mumapeza K500 miliyoni. Chidule chake chimalembedwa motere:

1 / (1 − c)

Chilembo c chikuimira gawo la ndalama zatsopano limene munthu amagulira zinthu. Chikakhala 0.8, yankho ndi 5. Chikakhala 0.9, yankho ndi 10. Wophunzira akaona zimenezi amadabwa kuti nanga umphawi ukuchedweranji kutha, popeza boma likhoza kungotulutsa ndalama n'kudikira kuti ziswane. Komatu ngakhale Keynes mwini wake, polemba m'nyuzipepala mu 1933 pofuna kukopa boma la kwawo, sanalonjeze 5. Anati chochulukitsa cha dziko lake chinali pakati pa 1.5 ndi 2. Masamu a 5 aja si olakwika, koma akunena za dziko lopanda msonkho, losagula kanthu kunja, lopanda banki yokweza chiwongoladzanja, ndiponso lokhala ndi katundu wongodikira ogula. Dziko lotere kulibe.

Tizitsate ndalamazo

Tiyeni titenge K100 miliyoni yomweyo tiitsate bwinobwino, ngati kuti boma laipereka kuti amangire midadada ya sukulu m'boma lina kuno kwathu. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekezera, osati a kafukufuku, koma sali kutali ndi zimene womanga aliyense angakuuzeni.

Kutayika kumayamba ndalama zisanafike n'komwe m'manja mwa mmisiri. Kontirakitala ayenera kugula malata, zitsulo, magalasi, penti, mawaya a magetsi ndi dizilo wa malole onyamula mchenga. Malata angapindidwe ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma chitsulo chake chimachokera kunja. Dizilo yense amalowa m'dziko kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Tinene kuti K40 miliyoni yapita ku zinthu zoterezi. Ndalama zimenezi zidzazunguliradi, koma zidzazungulira ku Joni, ku China kapena ku maiko a Aluya. Zotsala m'dziko muno monga malipiro a amisiri, aganyu, oswa miyala, ocheka matabwa ndi phindu la kontirakitala ndi K60 miliyoni. Buku lija linayambira pa 100, ife tikuyambira pa 60.

Tsopano tione zimene zimachitikira K100 iliyonse imene anthuwa alandira. Tinene kuti K15 yabwerera kuboma ngati msonkho, wina wodulidwa pamalipiro, wina wobisika pamtengo wa shuga, sopo ndi mayunitsi a foni. K10 yasungidwa kapena yabwezera ngongole yakale. K30 yagula zinthu zochokera kunja. Yotsala kugula zopangidwa konkuno ndi K45.

Gawo la zakunjali ambiri amaliona ngati laling'ono chifukwa amangowerenga foni, wailesi, njinga ndi zovala za pakaunjika. Koma zakunja zimabisala m'zinthu zooneka zathu. Buledi amaphikidwa pa bekale ya pafupi, koma tirigu wake pafupifupi yense ndi wakunja. Ndalama yokwerera minibasi imaperekedwa kwa kondakitala wa kwathu konkuno, koma gawo lalikulu limathera pa mafuta, matayala ndi sipeyala. Ngakhale thumba la chimanga cha ku Dedza lili ndi feteleza wakunja mkati mwa mtengo wake. Malawi amagula kunja katundu wa ndalama zowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi zimene amagulitsa, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekera m'dengu la munthu aliyense wochokera kumsika.

Choncho ulendo wachiwiri si K80 miliyoni ayi, koma magawo 45 pa 100 a K60 miliyoni, yomwe ndi K27 miliyoni. Wachitatu ndi K12 miliyoni, wachinayi K5.5 miliyoni, wachisanu K2.5 miliyoni, kenako zimazilala msanga. Zonse pamodzi zikukwana K109 miliyoni. Chochulukitsa chatsika kuchoka pa 5 kufika pa 1.1, pamene anthu ake ndi omwe aja, ndipo akusunga zochepa kuposa a m'buku aja. Zili ngati madzi othirira a m'ngalande yokumba pamchenga: kumtunda amalowa ambiri, koma ofika kumabedi akumapeto ndi ochepa, chifukwa pa phazi lililonse ena amalowa pansi.

Wina anganene kuti msonkho uja sunatayike, boma lidzaugwiritsanso ntchito, ndipo zosungidwa kubanki zidzabwerekedwa ndi ena. N'zoona kuti ndalamazo zilipo. Koma sizibwerera zokha mumzere uja. Zimadikira kuti wina asankhe chochita nazo, ndipo boma lokhala ndi ngongole zambiri nthawi zambiri limazitenga n'kulipirira chiwongoladzanja cha zimene linabwereka kale.

Nanga K100 miliyoniyo yachokera kuti?

Funso limeneli buku la oyamba limalilumpha, pamene ndi limene akuluakulu a zachuma a nthawi ya Kahn ankaumirirapo, ndipo sanali olakwa kotheratu. Boma lilibe munda wa ndalama. Limatolera msonkho, limabwereka, limalandira thandizo, kapena limapempha banki yaikulu kuti ilipangire ndalama zatsopano.

Likakweza msonkho, ndiye kuti latenga kwa wina amene akanagulira zinthu ndalamazo, ndipo mzere wake wa iyeyo wadulidwa. Likabwereka m'dziko momwemo, limagulitsa zikalata za ngongole kwa mabanki ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni. Kwa woyang'anira banki, kusankha n'kosavuta. Mbali iyi kuli boma limene likulonjeza chiwongoladzanja chokwera popanda kufunsa chikole kapena kukayendera bizinesi. Mbali inayo kuli mayi wofuna kugula makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, amene bizinesi yake ikhoza kugwa. Ndalama zimapita kuboma, ndipo mayi uja amauzidwa chiwongoladzanja choti sangachikwanitse. Makinawo sagulidwa, shedi yake simangidwa, anyamata amene akanalembedwa ntchito amakhalabe pakhomo. Palibe amene amajambula chithunzi cha fakitale imene sinamangidwe, n'chifukwa chake kutayika kumeneku sikumveka pa misonkhano yotsegulira zitukuko.

Tibwerere ku chitsanzo chathu. Tinene kuti chifukwa boma labwereka K100 miliyoni, amalonda alephera kuchita ntchito za K30 miliyoni. Ntchito zimenezo nazonso zikanakhala ndi gawo lake la zakunja, choncho zimene dziko lataya pa ulendo woyamba ndi K18 miliyoni, ndipo mukawonjezera maulendo otsatira zikufika pa K33 miliyoni. Chotsani pa K109 miliyoni ija, mutsala ndi K76 miliyoni. Chochulukitsa tsopano chili pa 0.76. Sukulu yamangidwa, anthu alipidwa, chuma chakula, koma chakula mochepera pa zimene boma latulutsa.

Banki yaikulu nayo simangoonerera. Ntchito yake ndi kuletsa mitengo ya zinthu kuthamanga, ndipo ikaona ndalama zikuchuluka pamsika imakweza chiwongoladzanja kuti anthu abwereke zochepa. Kuno kwathu chiwongoladzanja cha Reserve Bank of Malawi chinali pa 12 peresenti mu 2021, ndipo chinafika pa 26 peresenti mu 2024. Zifukwa zake zinali zingapo, kuphatikizapo kukwera mtengo kwa mafuta ndi feteleza padziko lonse, koma kubwereka kwambiri kwa boma kunali chimodzi mwa izo. Pamene unduna wa zachuma ukuthira ndalama, banki yaikulu ikuzikoka, zotsatira zake sizingakhale zimene masamu a m'kalasi analonjeza.

Ndalama zikafika pomwe katundu palibe

Pali chinthu china chimene buku limangochitenga ngati chodziwikiratu: kuti wogula akabwera ndi ndalama, wogulitsa amapanga katundu wowonjezera. Ku Mangalande mu 1931 zinalidi choncho. Mafakitale analipo, makina anangozimitsidwa, antchito odziwa ntchito anali m'makomo. Chimene chinkasowa ndi ogula basi. Oda ikangobwera, makina ankayatsidwa sabata yomweyo.

Chuma chodalira mvula sichiyenda motero. Chimanga chambiri kuno chimakololedwa kamodzi pachaka. Mukathira ndalama pamsika wa m'mudzi mu Januwale m'chaka cha njala, palibe amene angapange thumba lina la chimanga isanafike nyengo yokolola. Matumba ndi omwe aja, ogula ndiwo achuluka, choncho mtengo umakwera. Ndalama zazunguliradi, mavenda awerenga zambiri, koma nsima m'mbale sinawonjezeke. Chochulukitsa chenicheni chimawerenga katundu ndi ntchito, osati mapepala a ndalama, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumasocheretsa anthu ambiri.

Kwa Malawi, chinthu chosowa kwambiri nthawi zambiri chimakhala dola. K40 miliyoni ya kontirakitala ija, pamodzi ndi K30 pa K100 iliyonse ya amisiri, zonse zimakafola pamzere umodzi kubanki kufuna ndalama zakunja, mzere womwewo umene pali oitanitsa mafuta, mankhwala ndi feteleza. Madola amabwera ndi fodya, tiyi, shuga, nyemba ndi thandizo la abwenzi akunja, ndipo sawonjezeka chifukwa choti boma latulutsa makwacha ambiri. Mzere ukatalika, mtengo wa dola pamsika wamseri umakwera, malo omwetsera mafuta amauma, ndipo pamapeto pake kwacha imagwetsedwa mphamvu, monga zinachitikira mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Ikagwa, munthu amene sanalandireko tambala pa ntchito ya sukulu ija amalipira nawo pogula sopo ndi mafuta ophikira.

M'maiko olemera vuto limakhala lina: anthu amasunga. Munthu akalandira ndalama zimene akudziwa kuti n'za kamodzi kokha, sasintha kadyedwe kake. Mu 2008 boma la Amereka linatumiza macheke a madola mpaka 600 kwa munthu aliyense wolipira msonkho. Akatswiri awiri, Matthew Shapiro ndi Joel Slemrod, atafunsa olandirawo, munthu mmodzi yekha mwa asanu ndi amene anati agulira zinthu gawo lalikulu. Pafupifupi theka anati abwezera ngongole. Kwa ife kuno mfundo imeneyi ndi yaing'ono. Banja losauka likalandira ndalama za Mtukula Pakhomo silikhala nazo sabata zambiri. Mmene ndikuonera, amene amati chochulukitsa cha Malawi chiyenera kukhala chachikulu chifukwa Amalawi sasunga ndalama amayang'ana pabowo laling'ono n'kusiya lalikulu. Ndalama zathu sizitayikira kubanki kwenikweni. Zimatayikira kumalire ndi pamitengo.

Zimene oyeza apeza

Kuyeza chochulukitsa n'kovuta kuposa mmene munthu angaganizire. Simungangoyang'ana chaka chimene boma linatulutsa ndalama zambiri n'kuona ngati chuma chinakula. M'maiko olemera boma limatulutsa zambiri chuma chikadwala, choncho zimaoneka ngati ndalama za boma ndizo zikudwalitsa chuma. M'maiko osauka zimatembenuka: chaka cha mvula yabwino ndi mitengo yabwino ya mbewu, msonkho umachuluka ndipo boma limatulutsa zambiri, choncho zimaoneka ngati boma ndilo lakulitsa chuma pamene yakulitsa ndi mvula. Wofufuza ayenera kupeza ndalama zimene boma linatulutsa pa zifukwa zosakhudzana ndi mmene chuma chinalili chaka chimenecho.

Ku Amereka ambiri amagwiritsa ntchito ndalama za nkhondo, popeza nkhondo siyamba chifukwa cha ulova. Valerie Ramey wa ku yunivesite ya California, atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2011, anati chochulukitsa cha dzikolo chili pakati pa 0.8 ndi 1.5. Atabwereza ntchitoyo mu 2019, anapeza kuti zotsatira zambiri zikugwera pakati pa 0.6 ndi 1. Ngakhale alangizi a Barack Obama, Christina Romer ndi Jared Bernstein, pokonzekera ndondomeko yotsitsimutsa chuma ya madola 787 biliyoni kumayambiriro kwa 2009, anagwiritsa ntchito nambala ya pafupifupi 1.6 pa zogula za boma. Awa anali anthu ofuna kuti ndondomekoyo ivomerezedwe, m'dziko lalikulu lopanga zinthu zake zambiri, pa nthawi imene ulova unali kukwera ndipo chiwongoladzanja chinali pafupi ndi ziro. Akatswiri ena anawatsutsa kuti 1.6 yachuluka. Mbali yaikulu ya mkanganowo inachitikira pansi pa 2.

Kwa maiko onga lathu, njira yochenjera inapezedwa ndi Aart Kraay wa ku Banki ya Dziko Lonse. Ngongole ya chitukuko ikavomerezedwa, ndalama zake zimatuluka pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, motsatira dongosolo la ntchitoyo. Choncho ndalama zolowa chaka chino zinagamulidwa kalekale, anthu asanadziwe ngati mvula idzagwa kapena ayi. Potsata ndalama zoterezi m'maiko osauka 29, Kraay mu 2012 anapeza chochulukitsa cha pafupifupi 0.5. Mu 2014 anakulitsa kafukufukuyo kufika pa maiko 102 ongotukuka kumene, ndipo anapeza pafupifupi 0.4.

Ethan Ilzetzki, Enrique Mendoza ndi Carlos Végh, m'kafukufuku wa mu 2013 wokhudza maiko 44, anasonyeza komwe kusiyana kumachokera. Chochulukitsa chinali chaching'ono m'maiko ongotukuka kumene kuposa m'maiko olemera, chaching'ono m'maiko odalira kwambiri malonda akunja, ndipo m'maiko a ngongole zoposa magawo 60 pa 100 a zopangidwa m'dziko pachaka, chinkafika potsikira pansi pa ziro. Dziko likakhala ndi ngongole zochuluka chotero, amalonda akamva kuti boma likubwerekanso amayembekezera msonkho watsopano kapena kugwa kwa ndalama, ndipo amayamba kudziteteza m'malo mokulitsa ntchito zawo.

Pomwe nambala imakuladi

Kungakhale kusokeretsa owerenga kusiyira nkhaniyi pamenepa, chifukwa chochulukitsa si nambala yokhazikika ngati kulemera kwa thumba la simenti. Chimasintha ndi malo ndi nyengo, ndipo kuchichepetsa mopitirira kwavulazapo anthu. Maiko a ku Ulaya atayamba kudula bajeti zawo mu 2010, olosera ankawerengera chochulukitsa cha pafupifupi 0.5, poganiza kuti kudulako sikupweteka kwambiri. Chuma cha maiko monga Girisi chinagwa kuposa mmene analoserera. Mu 2012 bungwe la IMF linavomereza kuti m'zaka zimenezo nambalayo inali pakati pa 0.9 ndi 1.7, ndipo mkulu wake wa kafukufuku, Olivier Blanchard, pamodzi ndi Daniel Leigh, anafotokoza zifukwa zake mu Januwale 2013. Ulova unali wochuluka, mabanki sankabwereketsa, chiwongoladzanja chinali kale pansi moti sichikanatsitsidwanso kuti chifewetse ululu, ndipo maiko oyandikana ankadula onse nthawi imodzi. Mzere wa mmisiri uja umayendanso chobwerera: wochotsedwa ntchito amasiya kugula kwa telala, telala amasiya kugula tomato.

Chitsanzo chapafupi ndi ife chili ku Siaya, kumadzulo kwa Kenya. Pakati pa 2014 ndi 2017 bungwe la GiveDirectly linapereka madola pafupifupi 1,000 kamodzi kokha kwa mabanja osauka oposa 10,500, m'kafukufuku wokhudza midzi 653. Dennis Egger, Edward Miguel ndi anzawo anatsata ndalamazo m'misika ndi m'mabizinesi a m'deralo, ndipo anapeza chochulukitsa cha pafupifupi 2.5, mitengo itangokwera pang'ono kwambiri. Mabanja amene sanalandire kanthu nawo anapindula. Chifukwa chimodzi n'chakuti mabizinesi ambiri a kumudzi amakhala osadzaza. Chigayo chimalira maola ochepa patsiku, wometa tsitsi amakhala theka la tsiku akudikira, wa golosale amatsegula kuyambira m'mawa ngakhale ogula ali atatu. Makasitomala akachuluka, onsewa amagwira ntchito yambiri popanda kugula makina ena.

Kwathu kuno zofanana zinaoneka ku Dowa. M'nyengo ya 2006 mpaka 2007 bungwe la Concern Worldwide linkapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja amene mbewu zawo zinapsa ndi ng'amba. Simon Davies ndi James Davey atawerengera kuzungulira kwa ndalamazo m'deralo anapeza chochulukitsa cha pakati pa 2 ndi 2.5. Koma taonani chaka chake. Dziko lonse linali litakolola chimanga chambiri, njala inali ya m'madera ochepa, choncho amalonda ankatha kubweretsa chimanga kuchokera kwina ndalama zikafika. Katundu analipo, chimene chinkasowa ndi ogula, monga mmene zinalili ku Mangalande nthawi ya Kahn.

Manambala a ku Siaya ndi ku Dowa ndi olimbikitsa, koma sayenera kunyamulidwa n'kuikidwa pa bajeti ya dziko lonse. Ndalamazo zinachokera kunja ngati mphatso. Palibe amene anakwezeredwa msonkho, palibe wamalonda amene analandidwa malo kubanki, ndipo zinabwera ndi madola ake okalipirira zakunja zimene olandirawo anagula. Zinalinso zochepa poyerekeza ndi chuma cha dziko lonse, moti banki yaikulu inalibe chifukwa chosinthira chiwongoladzanja. Boma likabwereka kwa mabanki a m'dziko n'kugawa ndalama m'maboma onse nthawi imodzi, zonsezi zimasintha.

Pamenepa ndi pomwe masamuwa amakhala othandiza kwa wokonza bajeti, chifukwa amasonyeza kuti K100 miliyoni ziwiri sizifanana. Titenge ndalama zomwe zija, koma m'malo mwa malata ndi magalasi zipite ku ntchito za manja monga kulambula misewu ya m'midzi, kukumba ngalande ndi kudzala mitengo, mtundu wa ntchito zimene MASAF inatchuka nazo kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Zida zake ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala, choncho tinene kuti K10 miliyoni yokha ndiyo yapita kunja ndipo K90 miliyoni yalowa m'matumba a anthu. Ndi kagulidwe komwe kaja, zonse pamodzi zikufika pa K164 miliyoni m'malo mwa K109 miliyoni, ndipo popeza aganyu a kumudzi amagula zakunja zochepa ndi kulipira msonkho wochepa kuposa kontirakitala, nambalayo ikhoza kuposa pamenepo. Zikakhala ndalama za thandizo zobwera ndi madola, K33 miliyoni ija sichotsedwanso. Zikalipidwa pa nthawi yake, msika uli ndi chimanga, zimasanduka chakudya osati mitengo yokwera. Zikachedwa miyezi isanu, monga zimachitikira kawirikawiri ndi malipiro a boma, wolandira amakhala atakongola kale katapila, ndipo gawo la ndalamazo limathera pa chiwongoladzanja lisanafike kumsika.

Izi sizikutanthauza kuti ntchito za makasu n'zabwino kuposa sukulu. Chochulukitsa chimangoyeza kugwedezeka kwa malonda m'chaka chimodzi kapena ziwiri ndalama zitatuluka. Sichiyeza mwana amene adzaphunzire kuwerenga m'chipinda chija kwa zaka makumi atatu zikubwerazi, kapena mlatho umene udzafupikitse ulendo wa mbatata kupita kumsika. Mlatho wa zitsulo zakunja ukhoza kukhala ndi chochulukitsa cha 0.5 n'kukhalabe chinthu chanzeru kumanga, ngati phindu la owoloka pamenepo lidzapose mtengo wake pamodzi ndi chiwongoladzanja. Chimene sitiyenera kuvomereza ndi kumva kuti ntchito yopanda phindu lenileni idzadzilipira yokha chifukwa ndalama zidzazungulira. Pa chochulukitsa cha 0.76 ndi msonkho wa K15 pa K100 iliyonse, boma limabwezeredwa pafupifupi K11 miliyoni pa K100 miliyoni imene linabwereka. K89 miliyoni yotsalayo ndi ngongole, ndipo chiwongoladzanja chake chikakhala choposa 20 peresenti, cha chaka chimodzi chokha chimaposa msonkho wonse umene ntchitoyo inabweretsa.